Botolo si muyeso wa mowa

Munthu akafunsidwa kuti wamwa mowa wochuluka bwanji, amayankha powerenga mabotolo kapena matambula. "Ndamwa atatu okha." Nthawi zambiri sakunama ayi, wamwadi atatu, ndipo mabotolo opanda kanthu ali pomwepo kumuchitira umboni. Vuto ndi loti yankho limeneli silitiuza chimene thupi lake lalandira. Ine ndimakhulupirira kuti anthu ambiri amene amamwa mopyola zomwe iwo eni akufuna sachita zimenezi chifukwa chosasamala. Amawerenga ndithu, koma amawerenga chinthu cholakwika, ndipo opanga mowa sanawathandize kuti aziwerenga choyenera.

Taganizani za anthu awiri amene akhala tebulo limodzi. Woyamba wamwa mabotolo atatu a mamililita 330, ndipo papepala la botolo palembedwa 4%. Wachiwiri wamwa zitini zitatu za mamililita 500, zolembedwa 7%. Onse akudzuka akunena kuti amwa atatu. Koma chinthu choledzeretsa chenichenicho chimene chalowa mwa woyamba ndi magalamu pafupifupi 31, pomwe wachiwiri walandira magalamu pafupifupi 83. Wachiwiriyu wamwa kuposa kawiri ndi theka poyerekeza ndi mnzake, ndipo palibe mwa awiriwa amene akudziwa.

Chinthu choledzeretsacho chimatchedwa etanolo. Mowa uliwonse, kaya ndi wa m'botolo, vinyo kapena wotcheza waukali, ndi madzi osakanikirana ndi etanolo pamodzi ndi tina ndi tina topatsa kukoma, mtundu ndi fungo. Chimene chimagwedeza miyendo, kuchedwetsa maganizo ndi kutopetsa chiwindi ndi etanoloyo. Chiwindi sichidziwa dzina la mowa kapena maonekedwe a botolo. Chimangolandira magalamu.

N'chifukwa chake azaumoyo anakhazikitsa muyeso umodzi woti mowa wa mitundu yonse uziwerengedwa mofanana. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limagwiritsa ntchito magalamu 10 a etanolo weniweni ngati muyeso umodzi. Magalamu 10 amenewa mukawathira paokha ndi mamililita pafupifupi 12.7, osadzaza ngakhale supuni yaikulu. Ndi ochepa chonchi. Mumawapeza m'mamililita pafupifupi 250 a mowa wa 5%, m'mamililita pafupifupi 100 a vinyo wa 13%, kapena m'mamililita pafupifupi 30 a mowa waukali wa 40%. Zakumwa zitatuzi n'zosiyana kukula kutalitali, koma zimapatsa chiwindi ntchito yofanana.

Apa ndi pomwe chisokonezo choyamba chimayambira, ndipo chili m'dzina lenilenilo. M'Chingerezi muyeso umenewu anaupatsa dzina lomveka ngati "chakumwa chimodzi". Munthu akamva kuti chakumwa chimodzi, maganizo ake amathamangira ku chimene chili m'dzanja lake, botolo limodzi kapena tambula imodzi. Koma ndi mabotolo ochepa kwambiri amene amakhala ndi muyeso umodzi ndendende. Botolo laling'ono la mamililita 330 la mowa wa 5% lili kale ndi magalamu 13, kutanthauza miyeso 1.3. Chitini cha mamililita 500 cha mowa womwewo chili ndi miyeso pafupifupi iwiri. Botolo lalikulu la mamililita 750 lili ndi itatu. Onsewa munthu amawatchula kuti "limodzi".

Mawerengedwe ake si ovuta monga momwe ena amaopera. Pamafunika manambala awiri okha, ndipo onse amalembedwa papepala la botolo: kukula kwa botolo m'mamililita ndi ukali wa mowawo m'maperesenti. Ukaliwo mudzaupeza utalembedwa ngati `5% vol` kapena `alc. 5% vol` kapena `5% ABV`, ndipo tanthauzo lake ndi loti pa mamililita 100 aliwonse a chakumwacho, asanu ndi etanolo. Nambala yachitatu ndiyo muyenera kuisunga m'mutu: etanolo ndi wopepuka kuposa madzi, mililita imodzi imalemera magalamu 0.789.

```
magalamu = mamililita × (peresenti ÷ 100) × 0.789
miyeso = magalamu ÷ 10
```

Tiyese ndi chitini cha mamililita 500 cha 7% chija. Magawo asanu ndi awiri pa zana a 500 ndi mamililita 35 a etanolo. Tikachulukitsa 35 ndi 0.789 tipeza magalamu 27.6, yomwe ndi miyeso pafupifupi 2.8. Amene safuna kuvutika ndi 0.789 akhoza kuchulukitsa mamililita ndi peresenti, kugawa ndi 1,000, kenako kuchulukitsa ndi 0.8. Pa chitini chathuchi, 500 kuchulukitsa ndi 7 ndi 3,500, kugawa ndi 1,000 ndi 3.5, kuchulukitsa ndi 0.8 ndi 2.8. Yankho ndi lomwelo.

Chimene ndikufuna muone pa masamu amenewa ndi chakuti kukula ndi ukali zimachulukitsana, sizingophatikizana. Apa ndi pomwe maso amatinamiza. Munthu akachoka pa 4% kupita pa 7% amaona ngati wangowonjezera atatu, kanambala kakang'ono. Koma kuchoka pa 4 kufika pa 7 ndi kuwonjezera magawo 75 pa zana a etanolo. Akachokanso pa botolo la 330 kupita pa la 500, wawonjezera theka lina pamwamba pa zomwe zawonjezeka kalezo. Kusintha kuwiri kumene kulikonse pakokha kumaoneka kochepa kukakumana, kumabereka kusiyana kwa magalamu 31 ndi 83 kuja. Pakamwa napo sipathandiza kwenikweni. Mowa wotsekemera kapena wozizira kwambiri umabisa ukali wake, moti wa 7% umatha kutsika mosavuta kuposa wa 4% wowawa.

Botolo lotsekedwa lili ndi ubwino woti manambala ake alembedwa. Zinthu zimasokonekera kwambiri mowa ukamathiridwa m'tambula ndi dzanja. Botolo la vinyo la mamililita 750 la 13% lili ndi magalamu pafupifupi 77, miyeso 7.7. Anthu awiri akaligawana pa chakudya chamadzulo, aliyense amanena kuti wamwa matambula awiri kapena kuposerako pang'ono, pomwe walandira miyeso yotsala pang'ono kukwana inayi. Tambula yaikulu ya vinyo ya mamililita 250 payokha ili ndi miyeso iwiri ndi theka. Ndipo pamene wina akuwonjezera vinyo m'tambula yomwe isanathe, kuwerenga kumatheratu, chifukwa tambulayo imakhala idakali "yoyamba" usiku wonse.

Pa mowa waukali wa 40% ndiye pamafunika kukhala tcheru kwambiri, chifukwa kulakwitsa pang'ono kwa dzanja kumasanduka magalamu ambiri. Anthu amakonda kuyeza ndi zala: kuthira mpaka mowa ufike msinkhu wa zala ziwiri kuchokera pansi pa tambula. Tinene kuti zala ziwirizo ndi masentimita awiri. M'tambula yopapatiza, ya masentimita 5 m'mimba mwake, msinkhu umenewu ndi mamililita pafupifupi 39, magalamu 12 a etanolo. M'tambula yaifupi yotambalala, ya masentimita 8 m'mimba mwake, zala ziwiri zomwezo ndi mamililita pafupifupi 100, magalamu oposa 31. Dzanja ndi lomwelo, zala ndi zomwezo, koma miyeso yachoka pa umodzi ndi pang'ono kufika pa itatu. Diso limaona kutalika kwa mowa m'tambula, silitha kuona bwino kutambalala kwake.

Pali chikhulupiriro china chimene ndimachimva kawirikawiri, chakuti mowa waukali ukasakanizidwa ndi madzi, ayezi kapena chakumwa chozizilitsa kukhosi umachepa mphamvu. Ukali wa pakamwa umachepadi. Magalamu sachepa. Mamililita 60 a mowa wa 40% ali ndi magalamu pafupifupi 19 kaya mwawamwa okha kaya mwawathira m'jagi ya madzi. Kusakaniza kungathandize ngati kukuchititsani kumwa pang'onopang'ono, koma kungathenso kukupusitsani, chifukwa chakumwa chosawotcha kukhosi chimatha msanga ndipo dzanja limabwereranso ku botolo.

Timabotolo ting'onoting'ono ta mowa waukali timapusitsa mwanjira ina. Kabotolo ka mamililita 200 ka 40% kamalowa m'thumba la malaya, ndipo pafupi ndi botolo lalikulu la mowa wamba kamaoneka ngati kamwana. Koma muli magalamu 63, miyeso yoposa isanu ndi umodzi, zofanana ndi mabotolo pafupifupi asanu a mamililita 330 a 5%. WHO imaona kumwa magalamu 60 kapena kuposerapo pa nthawi imodzi ngati kumwa kwambiri koika moyo pachiswe. Munthu amene wamaliza kabotolo kamodzi aka wadutsa kale malire amenewo, uku akunena moona mtima kuti wamwa kamodzi kokha. Botolo lonse la mamililita 750 la 40% lili ndi miyeso pafupifupi 24.

Tiyeni titsate usiku umodzi wa munthu mmodzi kuyambira pachiyambi mpaka m'mawa. Wayamba 7 koloko madzulo ndi zitini ziwiri za mamililita 500 za 6%. Chilichonse chili ndi mamililita 30 a etanolo, magalamu 23.7, ndiye ziwirizo ndi magalamu 47. Pa chakudya wapatsidwa tambula yaikulu ya vinyo wa 13%, mamililita 250, magalamu enanso pafupifupi 26. Asanatsanzike, mnzake wamuthirira mowa waukali wa 40%, ndipo dzanja la mnzakeyo ndi lopatsa, mwalowa mamililita 70, magalamu 22. Mukamufunsa adzakuuzani kuti wamwa zinayi. Thupi lake lalandira magalamu 95, miyeso isanu ndi inayi ndi theka.

Tsopano funso ndi loti etanoloyu achoka liti m'magazi. Chiwindi chimagwira ntchito pa liwiro lake losasintha kwenikweni, ndipo kwa munthu wamkulu wamba chimachotsa magalamu apakati pa 7 ndi 10 pa ola. Khofi sachifulumizitsa, kusamba madzi ozizira sikuchifulumizitsa, kugona nakonso sikuchifulumizitsa. Munthu wathuyu akawerenga zinayi n'kukumbukira zomwe anamva zoti thupi limachotsa chakumwa chimodzi pa ola, aganiza kuti pofika pakati pa usiku adzakhala ali bwinobwino. Koma magalamu 95 amafuna maola pakati pa asanu ndi anayi ndi theka ndi khumi ndi atatu ndi theka. Kuwerenga kuyambira 7 koloko madzulo, tifika pakati pa hafu pasiti 4 ndi hafu pasiti 8 m'mawa. Ngati ali woyendetsa galimoto, wokwera njinga yamoto kapena wogwira makina, akhoza kuyamba ntchito mowa udakali m'magazi, iye akudzimva kuti wangotopa chabe. Sindikupereka masamuwa kuti wina aziwerengera ola loti agwire chiwongolero, chifukwa matupi amasiyana kwambiri moti palibe angalonjeze ola lenileni. Ndikungoonetsa kutalika kwa mtunda umene uli pakati pa "zinayi" ndi zomwe zachitikadi.

Pali chisokonezo china chimene sichichokera kwa womwa, koma kwa akatswiri eniake, ndipo ichi chimandikwiyitsa. Mayiko sanagwirizane za kukula kwa muyeso. Australia, New Zealand ndi Ireland amagwiritsa ntchito magalamu 10 monga WHO. Ku Britain amawerenga mayuniti, ndipo yuniti imodzi ndi mamililita 10 a etanolo, omwe ndi magalamu 8. Ku America muyeso umodzi ndi magalamu 14, ofanana ndi chitini cha mamililita 355 cha 5%. Ku Austria ndi magalamu 20. Chitini chimodzi chomwecho cha mamililita 500 cha 5% ndi mayuniti awiri ndi theka ku Britain, miyeso iwiri ku Australia, 1.4 ku America, ndi umodzi ku Austria.

Izi zikanakhala nkhani ya m'mabuku chabe zikanakhala kuti malangizo a zaumoyo amakhala m'dziko lomwe analembedwera. Koma masiku ano munthu amawerenga pa foni malangizo ochokera kulikonse, nthawi zambiri osadziwa kuti achokera kuti. Malangizo a ku Britain a chaka cha 2016 amati amuna ndi akazi omwe asamapitirire mayuniti 14 pa sabata. Amenewa ndi magalamu 112. Wina akawerenga nambala 14 imeneyi n'kuiyeza ndi muyeso wa ku America, apeza magalamu 196. Wina akaitenga ngati mabotolo 14, ndipo mabotolo ake ndi a mamililita 500 a 6%, afika pa magalamu oposa 330, katatu kuyerekeza ndi zomwe olemba malangizowo ankatanthauza. Ndipo adzagona mtima uli m'malo, poganiza kuti akutsatira malangizo a madokotala. Malangizo a ku Australia a chaka cha 2020 amati miyeso isapitirire 10 pa sabata ndiponso isapitirire inayi pa tsiku limodzi. Pomva, 10 ndi 14 zimaoneka zotalikirana, koma m'magalamu ndi 100 ndi 112, pafupifupi chimodzimodzi. Nambala ya malangizo ilibe tanthauzo mpaka mutadziwa magalamu amene ali kuseri kwake.

Tsono maganizo anga ndi awa. Botolo lililonse ndi chitini chilichonse chiyenera kulembedwa, m'zilembo zooneka bwino, magalamu a etanolo amene ali m'kati monsemo. Peresenti payokha sikwanira, chifukwa imanena ukali wa dontho lililonse koma sinena kuchuluka kwa zonse zomwe munthu ati ameze. Kusiya peresenti yokha kuli ngati kumuuza wogula kuti achite yekha masamu a kuchulukitsa, ali pamalo aphokoso, kuwala kuli kochepa, ndipo mutu wayamba kale kutentha. Wopanga mowa amadziwa nambala imeneyi asanatseke botolo. Ku Australia ndi New Zealand lamulo limakakamiza kale kuti chiwerengero cha miyeso chilembedwe pa botolo, ndipo zikusonyeza kuti ndi zotheka. Ine ndikanakonda magalamu kuposa miyeso, chifukwa galamu ndi galamu kulikonse padziko lapansi, pomwe muyeso umasintha mukangodutsa malire a dziko.

Ndikudziwa zomwe otsutsa anganene, ndipo zina mwa izo zili ndi mutu. Choyamba amati munthu woledzera sawerenga, ndiye manambala athandiza chiyani? N'zoona kuti pofika pa muyeso wachisanu masamu amathawa. Koma zisankho zikuluzikulu zimachitika mutu udakali bwino: pogula, posankha pakati pa chitini cha 5% ndi cha 8%, potenga botolo lalikulu kapena laling'ono, posankha tambula yothiramo. Munthu amene waona kuti chitini china chili ndi magalamu 20 ndipo china chofanana kukula chili ndi 32 wasankha akudziwa. Amene sanaone wasankhiridwa ndi wopanga.

Chachiwiri ndi cholemera kwambiri. Ena amati kulemba magalamu kungathandize amene akufuna kuledzera msanga ndi ndalama zochepa kupeza mowa wamphamvu kwambiri. Sindikana kuti alipo otero, makamaka pakati pa achinyamata. Koma anthu amenewa amaudziwa kale mowa umene umagwetsa msanga, sadikira pepala kuti liwauze. Amene ali mumdima ndi enawa, ambiri, amene akufuna kumwa pang'ono n'kubwerera kwawo ali bwino, amene akumwa mankhwala a kuchipatala, amene dokotala anawauza kuti achepetse. Kubisira anthu onsewa nambala chifukwa choopa ochepa amene akuidziwa kale sikundimvekera.

Chachitatu ndimagwirizana nacho kotheratu, ndipo ndikufuna chimveke bwino. Muyeso ndi chida choyezera, si chilolezo. Sunena kuti miyeso iwiri ndi yabwino kwa inu. Magalamu 20 omwewo amakweza mowa m'magazi mosiyana mwa munthu wa makilogalamu 55 ndi wa makilogalamu 90. Mwa akazi nthawi zambiri umakwera kwambiri kuposa mwa amuna olemera mofanana, chifukwa etanolo amasungunuka m'madzi a m'thupi ndipo thupi la mkazi limakhala ndi gawo lochepa la madzi. M'mimba mopanda chakudya etanolo amalowa m'magazi mofulumira. Miyeso isanu ndi iwiri yomwedwa usiku umodzi si yofanana ndi umodzi umodzi pa masiku asanu ndi awiri, ngakhale pa sabata chiwerengero chikufanana. Kwa mayi woyembekezera, kwa mwana, kwa wodwala chiwindi, ndi kwa amene ali pa chiwongolero, nambala yoyenera ndi ziro. Mu Januwale 2023 WHO inanena poyera kuti palibe mlingo wa mowa umene tinganene kuti ulibe chiopsezo chilichonse pa thanzi, makamaka chifukwa mowa uli m'gulu la zinthu zodziwika kuti zimayambitsa khansa. Zonsezi n'zoona. Koma sikelo ya kuchipatala nayonso siuza munthu ngati ali wathanzi, imangonena kulemera kwake, ndipo palibe amene anaitaya pa chifukwa chimenecho. Kuopsa kwa mowa kumakula pamene magalamu akuchuluka, ndiye munthu wosadziwa magalamu ake sangadziwe pomwe waima.

Malo amene kusawerenga bwinoku kumapweteka mwakachetechete ndi m'chipinda cha dokotala. WHO inakonza mafunso khumi otchedwa AUDIT othandiza azaumoyo kuzindikira ngati kamwedwe ka munthu kafika poopsa. Limodzi limafunsa kuti patsiku lomwe mwamwa mumamwa zingati, lina limafunsa kuti ndi kangati pamene mumamwa zisanu ndi chimodzi kapena kuposerapo nthawi imodzi. Mafunsowa amatanthauza miyeso. Wodwala amayankha mabotolo. Bambo amene amamwa mabotolo atatu a mamililita 750 a 5% akafunsidwa ngati amafika pa zisanu ndi chimodzi adzati ayi, sanafikepo, pomwe nthawi iliyonse amafika pa miyeso pafupifupi isanu ndi inayi. Namwino akalemba "atatu" osafunsa kukula kwa botolo, pepala lionetsa munthu womwa pang'ono. Kenako kuthamanga kwa magazi kukakana kutsika, kapena zotsatira za kuyeza chiwindi zikabwera zosakhala bwino, onse amadabwa n'kuyamba kufunafuna chifukwa kwina. Apa udindo uli mbali zonse ziwiri. Wazaumoyo azifunsa kuti botolo lake ndi lalikulu bwanji komanso ndi la maperesenti angati. Wodwala naye, m'malo mongoti atatu, anene kuti ndi atatu a mamililita 750 a 5%, kapena ajambule pepala la botololo pa foni n'kukaonetsa.

Ndionjezepo chenjezo limodzi kwa amene angachite masamuwa n'kudzidzimuka. Ngati mwapeza kuti mumamwa miyeso yambiri tsiku lililonse, ndipo m'mawa manja amanjenjemera kapena mumatuluka thukuta mpaka mutamwako, musasiye mwadzidzidzi panokha. Thupi lozolowera etanolo wambiri likamusowa mwadzidzidzi likhoza kuyamba kukomoka ndi kugwedezeka kapena kusokonezeka mutu, ndipo zimenezi zimapha. Pitani kuchipatala ndi nambala yanu yeniyeniyo, chifukwa ndi imene idzawathandize kudziwa momwe angakuthandizireni kusiya bwinobwino.

Pali mowa umene masamu onsewa sagwira, ndiwo wopanda pepala: wofululidwa kapena kutchezedwa pakhomo, ndi wogulitsidwa mothira kuchokera m'chigubu chosalembedwa kanthu. Ukali wake umasintha mphika ndi mphika. Pa wotcheza, zoyamba kudontha zimakhala zaukali kwambiri kuposa zomalizira, ndiye mabotolo awiri ochokera pa moto umodzi akhoza kusiyana kutali. Wofulula nawo umatha kupitiriza kuwira utagulidwa kale, moti wa lero ndi wa mawa sufanana. Pamenepa mamililita mungawayeze, koma peresenti mulibe, ndipo lilime silingakuuzeni. Chanzeru ndi kuutenga wotcheza uliwonse wosadziwika ngati wa 40% kapena kuposa. Komanso muyeso umawerenga etanolo yekha. Suona metanolo, poizoni amene amapezeka mu mowa wachinyengo wosakanizidwa ndi sipiriti wa m'mafakitale, amene ngakhale wochepa amachititsa khungu kapena imfa. Munthu amene wamwa mowa wosadziwika gwero lake, ndipo patapita maola angapo kapena tsiku wayamba kuona mwachimbuuzi, kusanza, kumva m'mimba kupweteka ndi kupuma mofulumira, afunika kuthamangira naye kuchipatala nthawi yomweyo, kaya anamwa pang'ono bwanji.

Kwa amene amamwa mowa wolembedwa, ntchito yake ndi yochepa kuposa momwe nkhani yonseyi ingaonekere. Anthu ambiri amazungulira pa mitundu iwiri kapena itatu yokha. Tengani botolo la mtundu uliwonse masana mutu uli bwino, werengani manambala awiri aja, chitani masamuwo kamodzi, ndipo sungani yankho: ichi ndi 1.3, ichi ndi 2.4, ichi ndi 3. Ngati mumathira vinyo kapena mowa waukali kunyumba, thirani madzi m'tambula yanu mpaka pomwe mumafikitsa nthawi zonse, kenako muwakhuthulire m'kapu yoyezera ya kukhitchini kapena m'botolo la mwana lokhala ndi mizere ya mamililita. Muonenso pepala nthawi iliyonse mukagula mtundu watsopano kapena mukaona kuti botolo lasintha maonekedwe, chifukwa kampani imodzi imatha kugulitsa mowa wa dzina limodzi m'mabotolo osiyana kukula, ndiponso wa ukali wosiyana m'mayiko osiyana. Mukapeza botolo lochokera ku America lolembedwa `80 proof`, gawani nambalayo pakati: ndi 40%.